Khadi likati simati kajuwo, munthu avale chiyani?

Mwezi wa Disembala ukafika, makampani ambiri m'mizinda ya Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu amakonza phwando lotsekera chaka. Munthu ataima pakhomo la holo cha m'ma 6 koloko madzulo n'kumaona olowa, angaganize kuti anthuwo aitanidwa ku zochitika zitatu zosiyana. Bambo wina akulowa atatchena suti yakuda, taye ili khosi gwa, thukuta lili kamukamu ngati akupita kukaonekera kubwalo la milandu. Pambuyo pake pakubwera mnyamata wovala jezi ya timu yake ya mpira, jinzi yong'ambika m'mawondo ndi patapata. Kenaka akutulukira mayi wina mu diresi lonyezimira lokhwekhwereza pansi, lija anavala paukwati wa mng'ono wake.

Onse atatuwa analandira khadi limodzimodzi pa WhatsApp, ndipo m'munsi mwake munali mzere waufupi wakuti "Dress code: Smart casual". Aliyense anawerenga mawuwo, koma anatolapo theka lokha. Bambo wa suti ndi mayi wa diresi anamva liwu loyamba, lija lotanthauza kutchena. Mnyamata wa jezi anamva lachiwiri, lotanthauza kuvala momasuka. Woitana uja ankafuna zonse ziwiri pa thupi limodzi.

Simati kajuwo, monga ambiri amatchulira, ndi kavalidwe ka pakatikati. Kumtunda kwake kuli suti ndi taye, zovala za kubwalo la milandu, kokafunsira ntchito kapena za mkwati. Kumunsi kwake kuli zovala zopitira kumsika Loweruka kapena zokaonerera mpira. Woitana akalemba mawu awiriwa amakhala akunena kuti: musavutike ndi suti, koma muonetse kuti munakonzekera kubwera kuno, simunangopatuka pochokera kwina.

Kumene kavalidweka kanachokera

Chimene chimachititsa kuti mawuwa asokoneze anthu n'chakuti alibe lamulo lolembedwa. Khadi likati "Black tie", za mwamuna n'zodziwikiratu: suti yakuda ya madzulo, malaya oyera ndi kataye kagulugufe. Simati kajuwo ilibe mndandanda wotero chifukwa sinakhazikitsidwe ndi munthu mmodzi. Inakula pang'onopang'ono pamene anthu a m'maofesi a ku Amereka ndi ku Ulaya anayamba kutopa ndi suti.

Ku Hawaii, zilumba zotentha za dziko la Amereka, osoka zovala analimbikitsa mabwana kuti azilola antchito kuvala malaya amaluwamaluwa a komweko tsiku Lachisanu, ndipo pofika 1966 mwambowu unali utakhazikika. Kenaka unafalikira m'madera ena a dzikolo. Vuto linabuka pamene antchito ena anayamba kubwera kuofesi ndi makabudula ndi masilipasi, mabwana n'kusowa ponena. Kampani ya Levi Strauss, imene inali itayamba kugulitsa mathalauza a khaki otchedwa Dockers mu 1986, inaonapo mwayi wamalonda. Mu 1992 inatumiza kabuku kwa akuluakulu oona za antchito pafupifupi 25,000, kosonyeza zithunzi za mmene munthu angavalire mwaulemu popanda suti. M'kabukumo munadzaza thalauza la khaki ndi malaya a kolala, ndipo mpaka lero zovala ziwirizi ndiye msana wa kavalidweka.

Zovala zambiri za simati kajuwo zinayambira kumasewero kapena kuusilikali, n'chifukwa chake zimaoneka zaulemu koma zosaumitsa thupi. Nsalu ya mtundu wa khaki inayamba ndi asilikali a Britain ku India m'zaka za m'ma 1840, ndipo liwulo limatanthauza mtundu wa fumbi. Malaya a kolala yofewa ndi mabatani awiri kapena atatu, amene kuno timati a gofu, anatchuka ndi katswiri wa tenisi wa ku France, René Lacoste, amene anayamba kuwagulitsa mu 1933. Buleza, jekete lija losafuna thalauza lofanana nalo, linayamba ngati chovala cha timu za opalasa mabwato ku Mangalande.

Kuno kwathu suti ndi taye zinazika mizu kwambiri m'nthawi ya Kamuzu Banda, amene mwiniwake ankadziwika ndi suti ya zidutswa zitatu ndi chipewa. Lamulo la kavalidwe la 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi osaphimba mawondo, mpaka linachotsedwa mu 1993. Choncho n'zosadabwitsa kuti kwa achikulire ambiri kutchena ndi suti basi, ndipo kufika pamaso pa bwana wopanda taye kumamveka ngati mwano.

Chimodzi chikweze, china chitsitse

Njira yosavuta yomvetsera kavalidweka ndi kuganiza za sikelo ya pamsika. Mbali imodzi kuli zovala zokweza: jekete, malaya a kolala, nsapato zachikopa, diresi losokedwa bwino. Mbali inayo kuli zotsitsa: jinzi, tisheti, nsapato za kanivasi, malaya opinda manja. Simati kajuwo imafuna kuti sikeloyo isapendekeke kwambiri, ndipo ikati ipendekeke, ipendekere kokweza.

Ndiye kuti munthu akasankha chovala chimodzi chotsitsa, zotsalazo zikweze. Wavala jinzi? Pamwamba pakhale malaya a kolala ositidwa, kumapazi nsapato zachikopa. Wakonda tisheti yopanda zolembalemba? Aponyepo buleza, thalauza likhale la nsalu. Kuphatikiza jinzi, tisheti ndi kanivasi nthawi imodzi, ngakhale zonsezo zikhale zodula motani, ndi kajuwo chabe, usimati wathawamo. Chimodzimodzi suti yathunthu, taye ndi nsapato zonyezimira: palibe chimene chatsitsa, munthu wapita kuofesi.

Pali zina zimene sizilowa n'komwe pasikelopo. Jezi ya mpira, kaya ya Bullets kaya ya Manoma, imadikira tsiku la masewero. Tisheti ya chipani, ya kampeni ya katemera kapena yolandira pamsonkhano wa bungwe ndi yogwirira ntchito pakhomo. Kabudula, thalauza lothamangira, patapata, kapusi ndi jinzi yong'amba dala, zonsezi zitsale kunyumba.

Khadi limanena zambiri kuposa mzere umodzi

Popeza mawu awiriwa ndi otambasuka, munthu wochenjera amawerenga khadi lonse. Zinthu zitatu zimamuuza kuti sikelo ipendekere kuti: nthawi, malo ndi woitana.

Nthawi ndiyo yoyamba. Chochitika cha masana chimalola mitundu yowala monga khaki, yoyera ndi yobiriwira mopepuka, ndipo jekete silikakamizidwa. Dzuwa likalowa, kavalidwe kamakwera: mitundu yoderapo, malaya a manja aatali, jekete pafupi. Malo nawo amalankhula. Chakudya chamadzulo m'hotela ya mumzinda si chimodzimodzi ndi nyama yootcha pakapinga kunyanja ku Mangochi kapena ku Salima, ngakhale makhadi onse awiri alembedwe mawu ofanana. Kunyanja malaya a gofu ndi thalauza la khaki zakwana. Kuhotela malaya a gofu angachepe.

Chachitatu ndi woitana. Phwando la kubanki, la ofesi ya kazembe kapena la kampani ya maloya limakhala ndi anthu ozolowera suti, ndipo iwo akati kumasuka amatanthauza kuvula taye yokha. Phwando lokumbukira tsiku lobadwa la mnzako wa kusukulu limalola jinzi popanda wokuyang'ana kawiri. Ngati mpingo kapena apongozi ali m'gulu la oitanidwa, kutalika kwa siketi ndi kutseguka kwa pachifuwa kumayezedwa ndi maso awo, osati ndi magazini a ku London.

Zikakhala kuti sizikumvekabe, pansi pa khadi pamakhala nambala ya foni. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Koma funso lake likhale lolunjika. Kufunsa kuti "Tivale chiyani?" kumangobweretsa yankho lakuti "Simati kajuwo, monga talembera." Funso lothandiza ndi lakuti, "Kodi jinzi ikuloledwa?" kapena "Kodi abambo avala majekete?" Mayankho a mafunso awiriwa amamasula mfundo yonse.

Bambo woitanidwa kuhotela mu Okutobala

Titenge chitsanzo cha bambo wogwira ntchito yowerengera ndalama pakampani ina ku Lilongwe. Walandira khadi la chakudya chamadzulo chotsanzikana ndi bwana wamkulu, Lachisanu, 6:30 madzulo, kuhotela, mwezi wa Okutobala dzuwa likuswa mtengo. M'kabati mwake muli suti imodzi yakuda, mathalauza awiri a kuntchito, jinzi yabuluu woderapo, thalauza la khaki, malaya angapo ndi nsapato zachikopa mapeyala awiri, zakuda ndi zofiirira.

Khadi lamuuza kale zambiri. Ndi madzulo, ndi kuhotela, ndipo mabwana adzakhalapo. Sikelo ipendekere kokweza. Jinzi ikanatha kudutsa kuphwando la anzake, koma pano thalauza la khaki kapena lotuwa ndilo losadetsa nkhawa. Pamwamba asankhe malaya a manja aatali, oyera kapena abuluu wopepuka, a nsalu ya thonje. Poliyesita m'nyengo yotentha imatsekera thukuta m'kati, ndipo pofika nthawi ya malankhulidwe m'khwapa mumakhala mutajambulika mapu. Taye itsale. Batani la pakhosi limasulidwe, mwina ndi lotsatira lake, koma lachitatu ayi, ndipo vesiti yam'kati isasuzumire pakhosi.

Funso lakuti apisire kapena asapisire limayankhidwa ndi malaya eniakewo. Malaya amene m'munsi mwake ndi mozungulira, kumbuyo kotalika ngati mchira, anasokedwa kuti azipisiridwa; akasiyidwa kunja amaoneka ngati munthu wathawa pabedi. Amene m'munsi mwake ndi mowongoka, otalika kungopitirira lamba pang'ono, ndi ovala osapisira. Kwa bambo wathuyu, pamwambo wa mabwana, kupisira ndiko kwabwino, ndipo akapisira lamba amaonekera, choncho mtundu wake ufanane ndi wa nsapato. Ndi khaki, nsapato zofiirira zimakhala bwino kuposa zakuda. Sokosi zikhale zoderapo ndi zazitali moti akakhala pansi n'kupingasa miyendo, khungu la mwendo lisaonekere. Sokosi zoyera ndi za kubwalo la masewero.

Tsopano nkhani ya jekete, pamene abambo ambiri amapunthwa. Poti alibe buleza, bamboyu angaganize zotenga jekete la suti yakuda ija n'kuvala ndi khaki. Diso limazindikira msanga kuti jeketelo ndi lamasiye. Nsalu ya suti imakhala yosalala, yowala pang'ono, nthawi zina ya timizere, ndipo inapangidwa kuti iziyenda ndi thalauza lake. Buleza nsalu yake ndi yokhakhalako, mapewa ofewa, matumba nthawi zambiri osokerera kunja, mabatani osiyana mtundu ndi nsalu. Kuvala jekete la suti palokha kumaonongetsanso sutiyo, chifukwa jekete limayamba kusuluka thalauza likadali latsopano. M'kutentha kwa Okutobala, bamboyu ali bwino kupita wopanda jekete, malaya ositidwa bwino, kusiyana n'kuvala lamasiyelo. Chikhala kuti mwambowo uli mu Juni kapena Julayi ku Blantyre, chiperoni chili mbuu, juzi yopyapyala yopanda zithunzi pamwamba pa malaya a kolala ikanagwira ntchito ya jekete.

Kwa amene akufuna kugula buleza, kaunjika ali nawo ambiri, ndipo abuluu woderapo ndi amene amayenda ndi thalauza lililonse. Poyesa, choyamba kuyang'ana ndi mapewa. Msoko wa phewa uthere pamene fupa la phewa lathera. Ukagwera pamkono, jeketelo ndi lalikulu, ndipo telala sangalikonze mosavuta chifukwa kusintha mapewa n'chimodzimodzi kulisoka kachiwiri. Manja ndi m'chiuno n'zotheka kuchepetsa. Dzanja la jekete lithere pamfundo ya mkono kuti malaya aonekereko pafupifupi sentimita imodzi. Akamanga batani, nsalu isakokeke n'kupanga makwinya opingasa pamimba. Ikatero ndiye kuti lathina. Ndi bwinonso kuliunika padzuwa kuti aone tizibowo ta njenjete, ndi kuyang'ana m'zigongono ngati mwayamba kunyezimira chifukwa cha kutha. Pa jekete la mabatani awiri, lam'munsi silimangidwa, ndipo pokhala pansi onse amamasulidwa.

Thalauza nalo lili ndi muyeso wake: mpendero ungokhudza pamwamba pa nsapato n'kupindika kamodzi. Likaunjikana pa akakolo ngati chikwama, telala wa pakhonde la sitolo amalidula m'mphindi zochepa.

Mayi woitanidwa pakapinga

Amayi ali ndi zosankha zambiri, n'chifukwa chakenso misampha yawo ndi yambiri. Titengenso mayi amene waitanidwa kuchakudya chamasana cha bungwe lina, Loweruka 12 koloko, pabwalo la kapinga ku Zomba.

Njira zake zilipo zitatu. Angavale diresi lofika m'mawondo kapena kupitirira pang'ono, la nsalu yosanyezimira. Angavale siketi ndi bulauzi. Angavalenso thalauza la nsalu kapena jinzi yoderapo yosang'ambika, ndi bulauzi yabwino, kajekete pamwamba ngati kukuzizira. Lamulo la sikelo lija likugwirabe ntchito: jinzi ikatsitsa, bulauzi ndi nsapato zikweze. Diresi la mikanda yonyezimira, lokhwekhwereza, ndi la madyerero aukwati usiku. Zothina zochitira masewero olimbitsa thupi, ngakhale zili m'fasho, si thalauza.

Kuyesa chovala kusathere poimirira pagalasi. Mayiyu akhale pampando aone pamene siketi yafika, chifukwa siketi yothina imakwera munthu akakhala. Akweze manja aone ngati bulauzi ikusiya mimba pamtunda. Awerame ngati akutola kanthu aone pachifuwa. Kenaka aime pakhomo, kuwala kuli kumbuyo kwake, wina amuuze ngati nsaluyo ikuonetsa zam'kati. Nsalu zambiri zopepuka zimabisa m'chipinda koma padzuwa la masana zimaulula, ndipo mankhwala ake ndi pitikoti. Chovala chimene chimafuna kukokedwakokedwa mphindi iliyonse chimamulanda munthu mtendere tsiku lonse.

Poti mwambo uli pakapinga, nsapato za gogoda zosongoka zidzamira m'dothi pa sitepe iliyonse, makamaka m'nyengo ya mvula. Zachidendene chachikulu, kapena zafulati zachikopa, ndizo zoyenera. Zodzikongoletsera zikhale ndi mtsogoleri mmodzi: ndolo zikakhala zazikulu, mkanda ukhale waung'ono kapena usakhalepo. Chikwama chikhale chapakatikati, osati chija chonyamulira mafayilo ndi laputopu.

Nanga chitenje?

Ena amaganiza kuti poti mawuwa ndi achingerezi, zovala zake ziyeneranso kukhala zachizungu. Si choncho. Nelson Mandela ankakumana ndi atsogoleri a mayiko atavala malaya amaluwa osapisira, opanda taye, ndipo Kenneth Kaunda anatchukitsa suti yopanda taye imene mpaka lero imadziwika ndi dzina lake. Kuno ku Malawi, chikhazikitsireni ndondomeko yolimbikitsa kugula katundu wa m'dziko muno mu 2016, malaya ndi madiresi a chitenje akhala chovala chozolowereka cha Lachisanu m'maofesi ambiri.

Malaya a chitenje osokedwa bwino, ovalidwa ndi thalauza la mtundu umodzi ndi nsapato zachikopa, ndi simati kajuwo yeniyeni. Chinsinsi chake n'chakuti chitenje chili kale ndi mawu ambiri, choncho zovala zinazo zikhale chete. Thalauza litenge umodzi mwa mitundu yoderapo ya m'chitenjemo. Kwa amayi, diresi la chitenje losokedwa mophweka, kapena siketi ya chitenje ndi bulauzi ya mtundu umodzi, zimakwana bwino lomwe. Koma chovala chathunthu cha pachinkhoswe, cha manja otukumuka, siketi yofika pansi ndi duku lalikulu, chakwera kupitirira pamene khadi lapempha. Nsalu ya chipani, ya mpingo kapena yokhala ndi nkhope ya munthu ili ndi malo ake ena.

Posoketsa, chitenje chatsopano chiyambe chachapidwa kuti chichoke kuuma ndiponso kuti ngati n'chofupika pochapa, chifupikiretu telala asanadule. Ndi bwinonso kumupempha kuti maluwa a nsalu akumane bwino pamzere wa mabatani ndi pathumba. Pamenepo ndi pamene pamasiyanitsa malaya osokedwa mosamala ndi ongothamangitsa.

Zing'onozing'ono zimene zimagwetsa munthu

Chovala chotchipa choyera ndi chositidwa chimaposa chodula chamakwinya. Kolala yakuda m'mphepete, batani losowa, zipi yosatseka bwino ndi chidendene chodyeka mbali imodzi zimaoneka msanga kuposa dzina la sitolo imene chovalacho chinagulidwa. Magetsi athu sapangana ndi munthu, choncho kusita ndi kwa dzulo lake, osati kwa ola lonyamukira. Wogwiritsa ntchito simbi yamakala ayale kansalu kopyapyala pamwamba pa chovala, kuopa phulusa pa malaya oyera ndi kunyezimira pa thalauza lakuda.

Ulendo nawo umavula munthu usimati. Wokwera minibasi kapena kabaza m'fumbi la Seputembala amafika nsapato zitayera mbuu, ndipo m'dzinja matope amafika m'mpendero. Kansalu kopukutira nsapato m'thumba kamathetsa vuto loyambalo. Amayi ambiri amayenda ndi zafulati, zinazo zili m'chikwama, n'kusinthira pafupi ndi khomo. Jekete lisavalidwe m'minibasi yodzaza. Lipindidwe chakunja kulowa m'kati n'kunyamulidwa pamkono.

Ndipo ngati munthu wafika n'kupeza kuti waphonya muyeso, kuphonyera kumtunda kuli ndi pothawira. Bambo wa suti uja atha kuvula taye n'kuiika m'thumba, kumasula batani la pakhosi, kukoleka jekete pampando ndi kupinda manja a malaya kawiri mpaka m'munsi mwa chigongono. M'mphindi imodzi wafanana ndi anzake. Mayi atha kuchotsa mkanda wolemera kapena kuponya kajekete pa diresi lonyezimira. Mnyamata wa jezi ndi patapata alibe chovula kuti akwere. Choncho amene khadi lamufika ndipo akukayikabe pakati pa zovala ziwiri, atenge chokwererapo, ayese zonse pamodzi ndi nsapato zomwe kutatsala masiku awiri, kuti ngati pali pofuna telala nthawi ikhale ikadalipo.